Kilasita Ikafiira Usiku: Kufunsa Elasticsearch Chimene Ikukanira

Pali mawu amodzi a zilembo zitatu amene amadzutsa anthu oyang'anira makompyuta pakati pa usiku. Mawuwo ndi `red`. Pulogalamu ya Elasticsearch ikalemba mawu amenewa, ndiye kuti gawo lina la zinthu zimene inapatsidwa kuti isunge silikupezeka, ndipo amene akufuna kulembamo kapena kuwerengamo abwerera chimanjamanja. Munthu woyamba kumene ntchitoyi akaona kufiiraku mtima umapita m'mwamba, nkuyamba kuzimitsa ndi kuyatsa makina mwachisawawa. Amene anaionapo kangapo amayamba wakhala pansi, chifukwa amadziwa kuti pulogalamuyi sibisa chifukwa chake. Imangofuna kuifunsa bwino.

Ambiri a ife tinagwiritsapo ntchito Elasticsearch osadziwa. Ndi pulogalamu yofufuzira mawu mwachangu mu mulu waukulu wa zolembedwa. Anaiyambitsa ndi Shay Banon, ndipo inatuluka koyamba mu 2010, itamangidwa pamwamba pa pulogalamu ina yakale yotchedwa Apache Lucene. Kabokosi kofufuzira nkhani pa Wikipedia kakhala kakudalira injini yochokera ku mtundu womwewu kwa zaka zambiri. Makampani ambiri amaigwiritsanso ntchito posunga mbiri ya zimene makina awo akuchita mphindi iliyonse: ndani walowa, wagula chiyani, chalakwika nchiyani.

Kuti timvetse kufiirako, tiyambe ndi mmene katunduyo amasungidwira. Elasticsearch kawirikawiri sikhala pa kompyuta imodzi. Imakhala pa maseva angapo ogwirira ntchito limodzi. Seva iliyonse imatchedwa nodi, ndipo gulu lonse limatchedwa kilasita. Zolembedwa za mtundu umodzi zimaikidwa mu kaundula mmodzi wotchedwa indekisi. Kaundulayo amagawidwa m'zigawo zotchedwa mashadi, monga mmene buku lalikulu lingagawidwire m'mabuku ang'onoang'ono kuti lisungidwe m'nyumba zosiyana. Shadi iliyonse imakhala ndi yaikulu yake, imene imayamba kulandira chilichonse cholembedwa, komanso kope lake limene limasungidwa pa nodi ina. Kopelo silingakhale pa nodi imodzi ndi shadi yaikulu, pa chifukwa chodziwikiratu: nyumba ikapsa, zonse ziwiri zipsera limodzi. Nodi imodzi imasankhidwa kukhala kapitao, ndipo ndi iyo imene imagawa malo, kunena kuti shadi yakuti ikakhale pa nodi yakuti.

Mitundu itatu ija imachokera apa. Kilasita ikakhala `green`, shadi iliyonse yaikulu ndi kope lililonse zili ndi malo. Ikakhala `yellow`, mashadi onse aakulu alipo koma makope ena alibe pokhala. Ntchito ikuyenda, kungoti mukuyenda opanda tayala lapadera. Ikakhala `red`, pali shadi yaikulu, ngakhale imodzi yokha, imene ilibe nodi yoisunga. Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Kilasita ya maindekisi mazana awiri imafiira yonse chifukwa cha shadi imodzi, pamene maindekisi enawo akugwira ntchito bwinobwino. Mtunduwo umangotsata chiwalo chodwala kwambiri. Sukuuzani kuti matenda ake ndi otani, ndiponso sukuuzani kuti chilichonse chatayika.

Tiyerekeze kampani yogulitsa katundu imene ili ndi kilasita ya manodi atatu, `node-1`, `node-2` ndi `node-3`, ya Elasticsearch 7.17. Tsiku lililonse pulogalamu ya Logstash imatsegula indekisi yatsopano ya malonda a tsikulo, dzina lake lokhala ndi deti, monga `malonda-2024.03.11`. Indekisi iliyonse ili ndi shadi yaikulu imodzi ndi kope limodzi, ndipo kukula kwa shadi iliyonse ndi pafupifupi magigabaiti 20. Amasunga masiku 60. Ndiye kuti mashadi onse pamodzi ndi 120, nodi iliyonse 40.

Lolemba madzulo, woyang'anira makinawa anazimitsa `node-1` kuti awonjezere memore. Asanazimitse anachita zimene anaphunzitsidwa kalekale: anauza kapitao kuti aleke kaye kugawa malo. Chifukwa chake nchomveka. Nodi ikasowa, Elasticsearch imadikira mphindi imodzi yokha, kenako imayamba kupanga makope atsopano a zonse zimene zinali pa nodiyo. Magigabaiti 800 kuwakoka pa liwiro limene pulogalamuyi imalola mukapanda kusintha, mamegabaiti 40 pa sekondi pa nodi iliyonse, ndi ntchito ya maola angapo, ndipo ndi ntchito yopanda phindu ngati nodiyo ibwerera pakatha mphindi makumi awiri. Ndiye analemba kuti `cluster.routing.allocation.enable` ikhale `none`. Anaika memore, anayatsa seva, anaona kuti yalowanso m'gulu, anaona mtundu uli `yellow`, nkunena mumtima kuti ubiriwira wokha usiku. Anatseka ofesi.

Foni inalira itangokwana 2 koloko m'bandakucha.

Ola limeneli lili ndi tanthauzo, ndipo munthu wozolowera amayamba kukayikira asanatsegule nkomwe kompyuta. Logstash imawerenga deti la dzina la indekisi potsata nthawi ya UTC. Kwa munthu amene ali ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare, tsiku latsopano la UTC limayamba 2 koloko usiku. Vuto lobwera ndendende pa ola limenelo nthawi zambiri limakhudza indekisi imene yangobadwa kumene.

Koma kukayikira si umboni. Funso loyamba limalembedwa mu Kibana, pa tsamba la Dev Tools:

```
GET _cluster/health
```

Yankho limabwera ndi manambala ambiri, koma ofunika usiku ngati uno ndi ochepa:

```
"status": "red",
"number_of_nodes": 3,
"active_primary_shards": 60,
"active_shards": 80,
"unassigned_shards": 42
```

Ndimakonda kuyamba ndi mzere wachiwiri, osati woyamba. Manodi ndi atatu, onse alipo. Imeneyo ndi nkhani yabwino kwambiri imene munthu angalandire pa nthawi ngati iyi, chifukwa kufiira koopsa kwenikweni ndi kumene kumabwera seva itafa ndi katundu wake. Mashadi aakulu 60 a masiku akale onse ali moyo. Opanda malo ndi 42. Masamu ake akuloza kale kwinakwake: 40 ndi chiwerengero cha mashadi amene anali pa `node-1`, ndipo awiri otsalawo ndi shadi yaikulu ndi kope la indekisi imodzi.

Funso lachiwiri ndi lofuna kudziwa mayina:

```
GET _cat/shards?v&h=index,shard,prirep,state,unassigned.reason&s=state
```

Pa mndandanda umene umatuluka, chilembo `p` chikuimira shadi yaikulu ndipo `r` chikuimira kope. Mizere 40 ili ndi `r` ndi chifukwa chakuti `NODE_LEFT`, kutanthauza kuti mashadiwo anataya malo pamene nodi inachoka. Ena mwa iwo anali aakulu `node-1` isanazimitsidwe, koma itangozima, makope awo a pa manodi ena anakwezedwa pa udindo nthawi yomweyo, ndipo zimene zinatsala pa disiki ya `node-1` tsopano zikuyembekezera kubwerera ngati makope. Amenewa ndiwo anachititsa chikasu chamadzulo chija. Mizere iwiri yotsala ndi iyi:

```
malonda-2024.03.12 0 p UNASSIGNED INDEX_CREATED
malonda-2024.03.12 0 r UNASSIGNED INDEX_CREATED
```

Wofiiritsa kilasita wapezeka: ndi mzere wa `p`. Koma apa pali msampha umene ndaona anthu anzeru akukodwamo. Mawu a kumapeto kwa mzerewo amanena chimene chinachitika pamene shadi inayamba kukhala yopanda malo. Sanena chimene chikuiletsa kupeza malo panopa. `NODE_LEFT` ikhoza kukhalabe pamenepo nodi itabwerera kalekale, monga zilili muno. Munthu amene wawerenga mawuwo nkuthamangira kukayang'ana mawaya a netiweki akusaka mbuzi imene ili kale m'khola.

Funso lenileni ndi lachitatu, ndipo ndi limene nkhani yonseyi yatsamira. Kuyambira pa Elasticsearch 5.0, munthu akhoza kufunsa kapitao mwachindunji chifukwa chimene sakuperekera malo kwa shadi inayake:

```
GET _cluster/allocation/explain
{
  "index": "malonda-2024.03.12",
  "shard": 0,
  "primary": true
}
```

Mukhoza kufunsa osatchula indekisi, koma mukatero kapitao amadzisankhira yekha shadi yoti afotokoze, ndipo pa mashadi 42 mwina sakhala imene mukuifuna. Tchulani dzina.

Kuti yankho limveke, nkofunika kudziwa mmene kapitao amaganizira. Akafuna kuika shadi pa nodi, sagamula yekha. Ali ndi bwalo la alangizi, aliyense ndi funso lake limodzi. Wina amafunsa ngati disiki ili ndi malo. Wina amafunsa ngati kope la shadi yomweyo lili kale pa nodiyo. Wina amafunsa ngati pali lamulo loletsa indekisi imeneyi kukhala pa nodi imeneyi. Wina amangoyang'ana ngati kugawa malo nkololedwa nkomwe. Pa bwaloli palibe kuvota: mlangizi mmodzi akakana, nkhani yatha. Yankho la funso lathu limasonyeza nodi iliyonse ndi mlangizi amene wakana. Usiku umenewu linali chimodzimodzi pa manodi onse atatu:

```
"can_allocate": "no",
"decider": "enable",
"decision": "NO",
"explanation": "no allocations are allowed due to cluster setting [cluster.routing.allocation.enable=none]"
```

Palibe disiki yowonongeka, palibe chotayika. Kilasita ikumvera lamulo limene inapatsidwa dzulo madzulo, ndipo palibe amene anabwera kudzalichotsa.

Wina angafunse kuti: nanga bwanji sinafiire madzulo pomwepo? Yankho lili m'malire a lamulo la `none`. Lamuloli silichotsa shadi imene ili kale pa malo ake. Sililetsa kope kukwezedwa kukhala shadi yaikulu. Sililetsanso nodi yoyatsidwa kumene kudzutsa shadi yaikulu imene ili pa disiki yake, bola ikhale yosatsalira m'mbuyo. Chimene limaletsa ndi kupereka malo atsopano. Madzulo onse panalibe shadi yaikulu yofuna malo atsopano, choncho chilonda chinabisika pansi pa chikasu. Tsiku litasintha, Logstash inapempha indekisi yatsopano, kapitao anailemba m'kaundula wake, koma sanathe kuipatsa nyumba. Chilichonse chotumizidwa ku indekisiyo chimadikira mphindi imodzi, kenako chimabwezedwa ndi uthenga wa `unavailable_shards_exception`. Logstash sitaya zimene zabwezedwa motere. Imayesanso mobwerezabwereza, ndipo mzere wa zodikira umatalika kumbuyo kwake. Nchifukwa chake kuchedwa kuli ndi mtengo wake ngakhale palibe chimene chafufutika.

Musanachotse lamulo, onani kaye pamene linalembedwa:

```
GET _cluster/settings?flat_settings=true
```

Elasticsearch ili ndi madilowa awiri osungiramo malamulo otere. Za mu `persistent` zimakhalabe ngakhale kilasita yonse itazimitsidwa. Za mu `transient` zimafufutika kilasita yonse ikazima, koma pamene zilipo zimaposa mphamvu za mu dilowa inayo. Ndiye munthu akhoza kukonza mu `persistent`, kulandira yankho loti zatheka, nkudabwa kuti palibe chasintha, chonsecho `none` wakhala phee mu `transient`. Eni pulogalamuyi anayamba kulangiza anthu kusiya kugwiritsa ntchito `transient` cha m'ma 7.16, koma malangizo akale amene anthu anakopera m'mabuku awo a ntchito akadali nayo. Njira yosavuta ndi kuyeretsa monse muwiri:

```
PUT _cluster/settings
{
  "persistent": { "cluster.routing.allocation.enable": null },
  "transient":  { "cluster.routing.allocation.enable": null }
}
```

Mawu akuti `null` amafufuta lamulolo kuti pulogalamu ibwerere pa chikhalidwe chake, chimene ndi `all`. Kulemba `all` kumagwiranso ntchito, koma ine ndimakonda kufufuta, kuti wodzabwera pambuyo asapeze mzere umene adzayambe kudzifunsa kuti unaikidwiranji.

Pasanathe masekondi angapo shadi yaikulu ya indekisi yatsopano inapeza malo, ndipo mtundu unasintha kukhala `yellow`. Inapita ku `node-1`, zimene sizodabwitsa, poti pogawa malo kapitao wa mtundu uwu amayang'ana kwambiri chiwerengero cha mashadi, ndipo nodi imeneyi inali isakutumikira ngakhale imodzi. Logstash inayamba kukhuthula zimene inasunga. Makope 40 aja anayamba kubwerera, awiriawiri, chifukwa mukapanda kusintha, nodi imodzi imalandira mashadi awiri okha pa nthawi imodzi. Mukafunsa za shadi imene ili pa mzere panthawiyi, yankho limakhala `throttled`, ndipo mankhwala ake ndi kudikira basi. Sizinatenge nthawi yaitali, popeza mafayilo a masiku akale anali kale pa disikiyo osasintha. Indekisi ya Lolemba yokha ndi imene inafunika kuonjezeredwa zimene inaphonya. Amene akufuna kuonerera ntchitoyi ikuyenda amalemba `GET _cat/recovery?v&active_only=true`.

Chiwerengero chinatsika: 41, 30, 12, 3, kenako 1. Pa 1 chinaima.

Apa mpamene nkhaniyi imandisangalatsa, chifukwa imaonetsa kuti bwalo la alangizi lija likhoza kukhala ndi okana angapo, ndipo kuchotsa mmodzi kumangosiya mnzake poyera. Yotsalayo inali kope la indekisi yatsopano. Funso lomwe lija, koma ndi `"primary": false`, linabweretsa mayankho osiyana pa nodi iliyonse. Pa `node-1` anakana ndi `same_shard`: shadi yaikulu ili kale pomwepo. Pa `node-2` ndi `node-3` anakana ndi `disk_threshold`. Lamulo la `GET _cat/allocation?v` linaonetsa chifukwa chake: disiki ya `node-2` inali yodzaza 87 peresenti, ya `node-3` 86 peresenti, pamene `node-1`, yokhala ndi disiki yaikulu kawiri, inali pa 43.

Elasticsearch ili ndi mizere itatu pa disiki, ngati zizindikiro zimene amalemba pa chipilala cha mlatho zoonera madzi. Disiki ikapitirira 85 peresenti, nodiyo silandiranso mashadi ena, kupatula shadi yaikulu ya indekisi yongobadwa kumene, imene ikadali yopanda kanthu. Ikapitirira 90, kapitao amayamba kusamutsa mashadi kuchoka pa nodiyo, ndipo ngakhale yongobadwa kumene siloledwa. Ikafika 95, indekisi iliyonse imene ili ndi shadi pa nodiyo imatsekedwa kuti isalembedwenso, ndi chizindikiro cha `read_only_allow_delete`. Kuyambira pa 7.4 chitseko chimenechi chimatseguka chokha disiki ikatsika pansi pa mzere wa 90. Pa mitundu yakale munthu ankayenera kuchitsegula ndi manja, ndipo ambiri ankagona ndi mutu wopweteka atafufuta mafayilo koma kilasita ikukanabe kulemba.

Tingonena modutsa kuti mantha a woyang'anira uja, oti kilasita ikoka magigabaiti 800 iye akuika memore, anali opanda maziko tsiku limenelo. Manodi awiri otsalawo anali atadutsa kale mzere wa 85, ndipo sakanalandira kalikonse. Anatseka chipata chimene chinali chotseka kale, ndipo loko wakeyo ndi amene anamudzutsa usiku.

Pali njira yachidule imene imakopa: kukweza mzere wa 85 kuti ukhale 90 kapena kupitirira, kilasita nkubiriwira pompo. Nthawi zina nkoyenera kutero kwa maola ochepa pamene disiki yatsopano ili m'njira. Koma shadi imene mukuikankhira pamenepo lero ndi yopanda kanthu, ndipo pofika mawa idzakhala magigabaiti 20, ndiye kuti 2 peresenti ina pa disiki ya terabaiti imodzi. Masiku ochepa okha mudzakhala pa 90. Njira ina ndi kuchepetsa makope kufika pa ziro. Mtundu umabiriwira ndithu, poti palibenso kope losowa malo, koma mwagula mtundu wokongola pogulitsa chitetezo. Pa kilasita yathuyi yankho linali losasangalatsa koma loona: maindekisi a masiku khumi akale kwambiri anali atasungidwa kale kwina, ndipo atatsimikiza zimenezo anawafufuta kudzera mwa Elasticsearch yomweyo, ndi lamulo la `DELETE`. Nodi iliyonse inapepukidwa ndi magigabaiti oposa 100, madisiki awiri aja anatsikira m'ma 70, ndipo kope lomaliza linapeza malo palokha. Ndanena kuti kudzera mwa Elasticsearch mwadala. Kulowa mu foda ya deta pa seva nkuyamba kufufuta mafayilo ndi manja ndi njira yotsimikizika yosandutsira vuto la malo kukhala vuto la shadi yowonongeka.

Mlangizi wina amene amaoneka kawirikawiri ndi `max_retry`. Shadi ikalephera kudzuka kasanu motsatizana, mwina chifukwa disiki inadzaza pakati pa ntchito kapena fayilo inali itagwidwa ndi ntchito ina, kapitao amaleka kuyesa, kuopa kuzungulira pamodzimodzi mpaka kalekale. Vuto lake nlakuti sayambiranso yekha, ngakhale chimene chinkalepheretsacho chitachoka. Yankho la `explain` limasonyeza cholakwika chomaliza. Chiwerengeni, chikonzeni, kenako muuzeni ayesenso:

```
POST _cluster/reroute?retry_failed=true
```

Lamulo limeneli silifufuta kanthu. Mukalilemba musanakonze gwero la vuto, mungoona kulephera kwina ndi uthenga womwe uja.

Zonse zimene tafotokozazi ndi za mtundu umodzi: katundu alipo, kapitao akukana kumupatsa malo, ndipo akunena chifukwa. Pali mtundu wachiwiri wa kufiira umene ndi wosiyana kotheratu, ndipo umadziwika ndi mzere umodzi:

```
"can_allocate": "no_valid_shard_copy"
```

Apa palibe mlangizi wokana. Kapitao akunena kuti wafunsa manodi onse amene alipo, ndipo palibe amene ali ndi kope lodalirika la shadiyo. Zimachitika indekisi ikakhala yopanda kope ndipo seva yake yafa, kapena manodi awiri osunga shadi yaikulu ndi kope lake akasowa pamodzi. Kusintha `allocation.enable` sikuthandiza kanthu pamenepa, ngakhale mutalemba kakhumi.

Mawu akuti lodalirika ali ndi tanthauzo lake. Kapitao amasunga mndandanda wa makope amene analandira chilichonse chimene chinalembedwa mpaka pomaliza. Tinene kuti nodi yosunga kope inazima 8 koloko, shadi yaikulu inapitiriza kulandira malonda mpaka 10 koloko, kenako nayo seva yake inafa. Nodi yoyamba ija ikabwerera, ili ndi shadi ndithu, koma ya 8 koloko. Elasticsearch imakana kuikweza yokha, chifukwa kutero ndi kuvomereza mwakachetechete kuti malonda a maola awiri sanachitike. Imasankha kukhala yofiira nkudikira munthu. Pa yankho la `explain`, kope lotere limaoneka ndi `"in_sync": false`.

Choyamba kuyesa, ndipo nthawi zambiri ndi chokhacho chofunika, ndi kubweza seva imene yasowa. Mwina yangozima chifukwa memore inatha, mwina ndi waya, mwina disiki yake ingathe kuikidwa m'makina ena. Ikalowanso m'gulu, shadi imadzuka yokha. Ngati sevayo yapitiratu, chachiwiri ndi sinapushoti, kope lija limene kilasita yosamalidwa bwino imatumiza kunja kwa maseva ake nthawi ndi nthawi. Indekisi yofiirayo imayenera kutsekedwa kapena kufufutidwa kaye, kapena kubwezeretsedwa ndi dzina lina, ndipo mumataya zokhazo zimene zinalembedwa sinapushoti yomaliza itatengedwa kale.

Zikakanika zonsezi mpamene pamabwera malamulo awiri okakamiza. Loyamba limauza kapitao kuti akweze kope lotsalira lija:

```
POST _cluster/reroute
{
  "commands": [{
    "allocate_stale_primary": {
      "index": "malonda-2024.03.11", "shard": 0,
      "node": "node-2", "accept_data_loss": true
    }
  }]
}
```

Lachiwiri, `allocate_empty_primary`, limapanga shadi yatsopano yopanda kanthu m'malo mwa yotayikayo. Onse awiri sagwira ntchito mpaka mutalemba ndi zala zanu `accept_data_loss`, kuvomera kuti mukutaya deta. Anthu otopa, 3 koloko usiku, bwana akuimba foni, amalemba mzere umenewu ngati akusayina fomu ya kuchipatala osaiwerenga. Kilasita imabiriwira, aliyense amapuma. Kenako m'mawa seva yosowa ija imayatsidwa, ili ndi shadi yonse yathunthu, ndipo kapitao, amene tsopano akudziwa kuti shadi yaikulu ndi yopanda kanthu ija, amaona yathunthuyo ngati yachikale nkuifufuta kapena kuilemba pamwamba. Palibe lamulo lobweza zimenezo. Ndi chifukwa chake ndimaona kuti kilasita yofiira imene seva yake ikhoza kudzuka mawa ndi yabwino kuisiya yofiira usiku wonse.

Kuisiya choncho kuli ndi chenjezo limodzi loti muuze anzanu a ku ofesi. Kufufuza pa maindekisi angapo pamene shadi imodzi palibe nthawi zambiri sikubweza uthenga wa cholakwika. Kumabweza zotsatira za mashadi amene alipo, ndipo umboni wokha ndi kagawo ka `_shards` m'yankho, pamene `successful` amakhala wochepa poyerekeza ndi `total`. Wowerengera ndalama amene watsegula Kibana m'mawa umenewo aona chithunzi chooneka bwino cha malonda a sabata, chopanda tsiku limodzi, ndipo akapanda kuona kachenjezo ka pakona akhoza kupita nacho ku msonkhano.

Tibwerere kwa woyang'anira wathu uja, amene mwayi wake vuto lake linali la mtundu woyamba. Lachiwiri masana anatsegula pepala la ndondomeko imene amatsata pozimitsa seva ndipo anasintha mawu amodzi: pamene panali `none` analemba `primaries`, monga mmene malangizo a eni pulogalamuyi amanenera masiku ano. Lamulo limenelo limaletsabe kukoka makope pachabe, koma limalola mashadi aakulu kupeza malo, kotero kuti akadzaiwalanso, indekisi ya 2 koloko idzabadwa bwinobwino ndipo kilasita idzangokhala yachikasu mpaka kuche. Pansi pa pepalalo anaonjezera mzere woti asachoke pa mpando `unassigned_shards` isanafike pa 0. Kenako analemba kalata yopempha madisiki awiri a materabaiti awiri, a `node-2` ndi `node-3`.